Kasitomala akati bedi ladula: momwe kalipentala angafotokozere mtengo osautsitsa

Malangizowa ndi a akalipentala opanga mipando ndi mabedi pa oda, monga timawaona ku Mchesi, ku Ndirande ndi m'matauni ang'onoang'ono. Telala kapena wowotcherera zitseko angatolepo zake, koma titsata nkhani imodzi yokha: mayi abwera pashedi kudzafuna bedi la 4 by 6 la mlombwa, mwawauza kuti ndi K450,000, iwo agwira pakamwa nkunena kuti, "Iii achimwene, mwadulitsa. Ine ndili ndi K350,000 basi." Ziwerengero zonse m'munomu ndi zongoyerekezera kuti tione kayendedwe ka masamu. Inu muikemo mitengo ya kwanuko ya sabata ino.

1. Werengani mtengo wanu kasitomala asanafike

Amisiri ambiri amagonja pokambirana chifukwa iwo eni sadziwa pomwe mtengo wawo wachokera. Anangomva kuti mnzawo wa shedi yoyandikana akugulitsa mwakuti, iwo nkuwonjezerapo pang'ono. Munthu wotere akauzidwa kuti wadulitsa, mumtima amayamba kukayika kuti mwina nzoona, ndipo kasitomala amakuona kukayikako pankhope.

Tengani kope, mulembe bedi limodzi kuyambira pa thabwa mpaka pa vanishi. Tiyerekeze kuti zatuluka chonchi. Matabwa a mlombwa a miyendo, m'mbali, kumutu ndi kumiyendo ndi K210,000. Timatabwa togonekapo matiresi, ta bulugamu kapena paini, ndi K30,000. Kunyamula matabwa kuchokera kogula ndi kukapalitsa ku makina ndi K35,000. Guluu, misomali, mabawuti, sandipepa ndi vanishi ndi K45,000. Apa tafika pa K320,000, ndipo ndalama zonsezi zatuluka m'thumba lanu musanagwire nkomwe sowo.

Kenako pali zomwe anthu amaiwala. Mnyamata wokuthandizani kukwecha ndi kugwirizira alandira K25,000. Lendi ya shedi, chiphaso cha kukhonsolo, kunoletsa sowo ndi kutha kwa zida, gawo la bedi limeneli tiike K15,000. Tafika pa K360,000. Inuyo mugwira masiku 4, ndipo tsiku lanu mukaliwerengera K15,000 ndiye kuti ndi K60,000. Chotsala pa K450,000 ndi K30,000, ndipo limeneli ndilo phindu la bizinesi, loti mugulire tchizulo chatsopano kapena kulowa m'malo mwa thabwa lomwe lapezeka long'aluka mkati.

Tsopano onani zomwe mayi aja akupempha. K350,000 siikufika ngakhale pa K360,000 ya zipangizo, mnyamata ndi lendi. Mukavomera, mugwira masiku 4 ulele nkuwonjezerapo K10,000 yanu. Ngakhale kuchotsako K45,000 kokha, komwe pakamwa kumamveka ngati kochepa, kwadya phindu lonse la K30,000 pamodzi ndi malipiro anu a tsiku lathunthu. Mukaziona zimenezi zitalembedwa ndi dzanja lanu, mtima umakhala m'malo pokambirana, chifukwa simukuteteza mtengo wongopeka.

Kunenerera ndi chikhalidwe chathu, ndipo alipo makasitomala omwe sagula chinthu asanachotseredweko kanthu. Ngati kwanuko zili choncho, ikani kampata kakang'ono pamwamba, monga K10,000, ndipo dziwiranitu kuti malire anu ndi pati. Musatchule K600,000 pa bedi la K450,000 pofuna kudzatsika kwambiri. Munthu amene mwamutsitsira K150,000 m'mphindi ziwiri amachoka akudziwa kuti mtengo woyamba unali wabodza, ndipo wachiwiriwo saukhulupiriranso.

2. Tchulani mtengo momveka, kenako khalani chete

Nenani kuti, "Bedi limeneli, la mlombwa, lopakidwa vanishi, ndi K450,000." Musayambe ndi "pepani", musaseke mwamanyazi, ndipo musawonjezere kuti "koma tikhoza kukambirana". Mawu omalizawo ndi oipa kwambiri, chifukwa mwatsitsa nokha mtengo munthu asanapemphe. Mukatchula, dikirani. Kasitomala akufuna kanthawi koti awerengere mumtima, ndipo chete ameneyo si mkwiyo.

3. Funsani kuti mudziwe chomwe chikuvuta

Apa mpamene pagona nkhani. Anthu atatu akhoza kunena kuti "mwadulitsa" koma aliyense ali ndi vuto lake, ndipo yankho lothandiza mmodzi limakhumudwitsa wina.

Woyamba akungoyesa mwayi. Ndalama ali nazo, bedi walikonda, koma sangalipire asanayese kunenerera. Mumamuzindikira chifukwa akudandaula uku akusisita thabwa la kumutu nkumafunsa kuti lingathe liti. Wachiwiri waona bedi looneka ngati lomweli pamsewu pa K300,000, ndiye akuganiza kuti mukufuna kumubera. Wachitatu bedi akulifunadi ndipo sakutsutsa kuti ndi labwino, koma m'chikwama muli K350,000 yokha, mwina yochokera ku banki m'khonde kapena ku chipereganyu. Palinso wina amene anagula bedi zaka zingapo zapitazo ndipo m'mutu mwake mukadali mtengo wakalewo.

Musalote, funsani. Yambani ndi kuvomereza kuti ndalamayo ndi yambiri, pakuti ndi yambiridi: "Zoona mayi, K450,000 si ndalama yamasewera." Kuvomereza kumeneku sikutanthauza kuti mwalonjeza kutsitsa, kumangochotsa mkangano. Kenako funsani limodzi mwa mafunso awa: "Kodi pali pena pomwe mwaona lotsikirapo?" kapena "Inu munakonzekera zingati?" kapena "Bedili ndi la ndani, la kuchipinda kwanu kapena la alendo?" Funso lomalizali limaoneka lopanda ntchito koma limathandiza kwambiri. Bedi la ana asukulu kapena la m'nyumba ya lendi yomwe munthu achokamo chaka chamawa silifunika mlombwa, ndipo mukadziwa zimenezi mwapeza kale njira ina yomuthandizira.

Akamayankha, musawadule mawu, ngakhale akunena zomwe mukudziwa kuti si zoona. Ikani pansi chida chomwe chili m'manja. Munthu amene akuyankhidwa ndi mmisiri yemwe akupitiriza kukhoma msomali amamva kuti akuthamangitsidwa.

4. Aonetseni ndi manja, musangolongosola

Tinene kuti mayi aja ayankha kuti, "Pamsewu paja ndaona lofanana ndi lomweli pa K300,000, nalonso akuti ndi mlombwa." Musanyoze mmisiri winayo. Simunalione bedi lakelo, mwina ndi mbale wawo wa mayiwo, ndipo kunyoza mnzanu kumakuchepetsani inuyo. Nenani kuti, "Zikhoza kutheka mayi. Bwerani ndikuonetseni za langali, kuti mukapitanso kumeneko mukayerekeze bwino."

Apatseni chidutswa cha mlombwa chosapaka kanthu ndi china cha paini, azinyamule okha. Aone kuti mlombwa ndi wofiirira mpaka mkati, pomwe paini ndi woyera, wofewa moti chikhadabo chimasiya chizindikiro, ndipo ali ndi mfundo zambiri. Auzeni kuti paini kapena bulugamu akhoza kupakidwa utoto wofiirira nkuoneka ngati mlombwa, ndipo njira yodziwira ndi kusuzumira kunsi kwa bedi kapena mkati mwa thabwa la m'mbali, komwe sikupakidwa kawirikawiri. Aonetseninso kuti mlombwa weniweniwo uli ndi mbali yoyera ya kunja kwa mtengo, yomwe imafumbwa msanga, ndipo inu mumaichotsa kapena simuiika pa miyendo. Thabwa lomwe mwachotsa mbali yoyerayo limachepa, nchifukwa chake mumagula matabwa ochulukirapo.

Chachiwiri ndi kuuma kwa matabwa. Thabwa laliwisi ndi lotchipa ndipo limapezeka msanga, koma likamauma m'nyumba limafota, kupindika, ndipo polumikizira pamatseguka. Bedi lomwe limalira munthu akatembenuka nthawi zambiri linayamba choncho. Ngati muli ndi matabwa omwe mwawasanja pamthunzi kuti aume, alozeni. Ndalama yanu yagona pamenepo ikudikira, ndipo ndi gawo la mtengo.

Chachitatu ndi polumikizira. Tembenuzani bedi lomwe latha kapena mpando, muwaonetse pomwe mwabowola mwendo ndi tchizulo nkulowetsamo lilime la thabwa linalo ndi guluu, komanso mabawuti omwe amalola kuti bedi limasulidwe posamuka. Kungokhoma misomali kumatenga ola limodzi, kubowola kumatenga tsiku. Auzeni aligwedeze bedilo ndi mphamvu zawo zonse.

Zitatuzi zakwana. Mukapitirira nkuyamba kufotokoza za nambala za sandipepa ndi mitundu ya vanishi, kasitomala amatopa nkuyamba kuona ngati mukumuphimba m'maso ndi mawu. Ndipo nenani zoona zokhazokha. Ngati timatabwa ta pansi pa matiresi ndi ta bulugamu, nenani nokha asanafunse. Akadzazindikira yekha kunyumba, adzakayikira bedi lonse.

5. Gawani mtengo m'zigawo zitatu

Kope lanu lija ndi lanu, musalitambasule lonse pamaso pa kasitomala. Mukamuonetsa mzere uliwonse, ayamba kulimbana ndi umodziumodzi: guluu ameneyu wadula, mnyamatayo mukumulipira zambiri, phindu chotsani. Ingomupatsani zigawo zitatu zoti angazisunge m'mutu:

"Mayi, pa K450,000 imeneyi, K240,000 ndi matabwa okhaokha. K80,000 ndi mayendedwe, makina, guluu, mabawuti ndi vanishi. Yotsalayo, K130,000, ndi ntchito ya anthu awiri masiku 4 pamodzi ndi malo ano."

Anthu ambiri sadziwa kuti matabwa okha amadya kuposa theka la mtengo, ndipo akamva amafewa. Wokayika muuzeni komwe mumagula kuti akafunse yekha. Ena pamenepa amati, "Ndiye ndikagule ndekha matabwa, inu mungopanga." Mukhoza kuvomera, koma mugwirizane kuti mupita nawo kukasankha, kapena kuti matabwa akabwera aawisi ndi opindika simudzayankhapo bedi likadzavuta. Mtengo wa ntchito yanu usatsike chifukwa matabwa ndi awo.

Kwa amene akukumbukira mtengo wakale, chifukwa chake chilipo ndipo aliyense akuchidziwa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zambiri zomwe kalipentala amagula m'sitolo ya zomangira zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zinthu zochokera kunja. Mlombwa nawo ukusowa, ukuchokera kutali. Koma zimenezi zitchuleni kamodzi, mwachidule. Kasitomala naye akugula shuga ndi sopo pa mitengo yomweyo, ndipo mukayamba kumudandaulira za fizi ya ana anu, naye ali ndi ana. Mukatero nkhani yachoka pa bedi yapita pa mpikisano wa mavuto, ndipo pamenepo palibe amene amapambana.

6. Mtengo ukatsika, kanthu kachoke pa bedi

Tsopano mayi aja amvetsa, koma akuti, "Ndamva achimwene, koma ndalama yanga ndi yomweyo." Apa mpomwe ambiri amagwa, chifukwa munthuyo walankhula mwaulemu ndipo kukana kukuoneka ngati nkhanza. Simukuyenera kukana. Muwapatse njira zoti asankhe, ndipo njira iliyonse yotsika mtengo ikhale ndi chomwe chachotsedwa.

Njira yoyamba ndi kuchepetsa zokongoletsa. Thabwa la kumutu likakhala lalifupi, losalala, lopanda zosemasema, mwapulumutsa mlombwa wa K30,000 ndi tsiku limodzi la ntchito, K15,000. Bedi lafika pa K405,000, likadali la mlombwa ndipo kulimba kwake sikunasinthe.

Njira yachiwiri ndi kusintha mtundu wa matabwa. Bedi lomwelo, kapangidwe komweko, koma la paini wouma bwino. Ngati paini wake ndi K110,000 m'malo mwa K210,000 ya mlombwa, bedi lafika pa K350,000, ndalama yomwe mayiwo ali nayo, ndipo malipiro anu ndi phindu lanu sizinakhudzidwe. Auzeni zoona zake: paini ndi wofewa, amakandika msanga, ndipo chiswe chimamukonda, choncho lisakhale pansi ponyowa kapena pa dothi. Musalipake utoto nkulitcha mlombwa.

Njira yachitatu ndi kusiya bedi momwe lilili koma kusintha kalipiridwe. Apereke K320,000 lero, yomwe ikukwanira zipangizo zonse, ndipo K130,000 yotsalayo adzamalize mwezi ukatha, podzatenga bedi. Chiyambi chisachepere mtengo wa zipangizo, apo ayi mukhala mukugwiritsa ntchito mpamba wanu pa katundu wa munthu amene akhoza kusintha maganizo. Ndipo bedi lisachoke pashedi ndalama isanathe, ngakhale munthuyo ndi wa mpingo wanu. Akalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, uthenga wake usungeni, koma mulembenso m'kope.

Tchulani njira ziwiri kapena zitatu basi, kenako funsani kuti, "Mwa zimenezi, ikukukomerani ndi iti?" Funso lasintha. Poyamba linali lakuti mutsitsa kapena simutsitsa, tsopano ndi lakuti akufuna bedi liti.

Pali zinthu zomwe simuyenera kuchotsa ngakhale kasitomala atapempha: kukhuthala kwa miyendo ndi matabwa a m'mbali, guluu, ndi kuchuluka kwa timatabwa ta pansi pa matiresi. Bedi likadzathyoka, anthu sadzanena kuti mwiniwake ananenerera kwambiri, adzafunsa kuti analipanga ndani.

Nanga uja wongoyesa mwayi? Iyeyu safuna paini, akufuna kumva kuti wapambanako. Mpatseni kanthu komwe kwa inu nkotchipa koma kwa iye nkothandiza: kukamumangira bedilo kunyumba ngati ali pafupi, kapena kashelefu ka nsapato kochokera ku zidutswa zotsala. Ngati munasiya kampata ka K10,000 kaja, kaperekeni pano, kamodzi kokha, ndipo kakhale ndi chifukwa: "Mukalipira yonse lero, ndichotsako K10,000." Kutsitsa kopanda chifukwa kumaitana kutsitsa kwina.

7. Mawu ovuta omwe mudzakumane nawo

"Ndidzakubweretserani makasitomala ambiri." Yankhani mosangalala kuti, "Zikomo kwambiri bwana, akadzabwera ndidzakuthokozani pa oda yanu yotsatira." Lonjezo lilipiridwe likakwaniritsidwa. Dziwaninso kuti amene mwamutsitsira amakauza anzakewo mtengo womwe analipira, ndiye onse adzabwera akufuna womwewo.

"Ndife pachibale, mungandidulitse ine?" Iyi ndi yovuta kuposa zonse, ndipo mayankho okhadzula amawononga ubale. Chomwe chimathandiza ndi kulekanitsa zipangizo ndi ntchito: "Malume, matabwa ndi vanishi si zanga, ndimagula, ndipo ndi K320,000. Mnyamatayu naye ayenera kulandira. Pa ntchito yangayi mpomwe ndingakuchitireni ulemu." Mukafuna kuwachotsera, chotsani pa gawo lanu lokha, mutchule kuchuluka kwake kuti adziwe kuti mwawapatsa mphatso, osati kuti umenewo ndiwo mtengo wake.

Wina amakweza mawu, nkumanena kuti ndinu akuba pamaso pa anthu. Inu tsitsani mawu, lankhulani pang'onopang'ono, ndipo musabwereze mfundo zonse zija. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Pepani kuti sitinagwirizane bambo, koma pa bedi ili sindingathe kufika pamenepo." Anyamata a pashedi auzeni pasadakhale kuti asalowerere kapena kuseka kasitomala akamanenerera.

8. Akafuna kupita, asiyeni apite bwino

Si aliyense adzagula, ndipo wina bedi la K300,000 lija ndilo lomuyenera pa nthawiyi. Akati akaganize kaye, musawathamangire ndi mtengo watsopano ali kale pamsewu, chifukwa zonse munafotokoza zija zimasanduka nthabwala. Alembereni pakapepala kapena pa WhatsApp njira zija: la mlombwa lokongoletsa K450,000, la mlombwa losalala K405,000, la paini K350,000, kukula kwake, masiku opangira, ndi ndalama yoyambira. Nthawi zambiri mayi amafuna akakambirane ndi bambo kunyumba, kapena bambo ndi mayi, ndipo amene sanabwere pashediyo amangomva nambala yokha. Kapepalako ndi chithunzi cha bedi zimakakulankhulirani kumeneko.

Pansi pake lembani tsiku, ndi kuti mitengoyi ikhala choncho kwa masabata awiri. Matabwa ndi vanishi zikhoza kukwera mwezi usanathe, ndipo munthu akadzabwera patapita miyezi itatu atanyamula kapepala kopanda tsiku, mudzayambanso mkangano wina womwe mukanaupewa. Akabwera nthawi itadutsa, tsegulani kope, muwerengenso pamaso pake zigawo zitatu zija ndi mitengo ya tsikulo, ndipo mumuonetse chigawo chomwe chasintha.